Matumba 55 a simenti

Amalume anga anali ndi kabwalo koumbira mabuloko ku Kalingalinga, kufupi ndi msewu wa Alick Nkhata, ndipo ine nditangomaliza sukulu mu 1996 anandipatsa kope ndi cholembera kuti ndiziwalembera za ndalama. Bajeti ankaipanga okha mu Januwale: mabuloko 5,000 pa mwezi, matumba a simenti 200, chifukwa thumba limodzi pabwalo pathu limayenera kutulutsa mabuloko 25. Ntchito yanga mwezi ukatha inali kulemba mizere itatu: zomwe tinakonza, zomwe tagwiritsa ntchito, ndi kusiyana kwake.

Amalume anaphunzira malonda m'nthawi ya a Kaunda, pamene boma linkaika mitengo ya zinthu zambiri, choncho kwa iwo nambala yolembedwa mu Januwale inali lamulo mpaka Disembala.

Mu Ogasiti chaka chimenecho anthu ankamanga kwambiri, monga zimakhalira m'chilimwe. Tinaumba mabuloko 6,500, simenti inapita matumba 255. Ine ndinalemba kuti tapitirira ndi matumba 55, n'kudula mzere wofiira kunsi kwake. Amalume anaitana akapitawo, bambo wachikulire wochokera ku Petauke, n'kuwafunsa pamaso pa anyamata onse kuti, "Bambo, matumba 55 apita kuti?" Iwo anayankha kuti, "Abwana, apita m'mabuloko." Palibe anawamvera. Mwezi wotsatira anasiya ntchito.

Patapita zaka, ndikuphunzira zowerengera ndalama ku Evelyn Hone, ndinabwerera ku kope lija. Mabuloko 6,500 kugawa ndi 25 ndi matumba 260. Akapitawo anagwiritsa ntchito 255. Sanabe kanthu, anapulumutsa matumba asanu. Lipoti langa linayerekeza simenti ya mabuloko 6,500 ndi bajeti ya mabuloko 5,000, ndipo munthu wosalakwa anachoka ndi manyazi. Nkhaniyi imandiwawabe.

Chimene ndinaphunzira n'chosavuta. Bajeti yokhazikika imayankha funso la kumayambiriro kwa chaka: tikufuna kuumba angati, ndipo tisunge ndalama zingati? Ndi yothandiza, ndipo mpaka lero ndimailemba. Koma poweruza ntchito ya munthu mwezi ukatha, funso ndi lina: pa mabuloko amene aumbidwadi, tikanayenera kuwononga zingati? Poyankha limeneli umailembanso bajeti ija potsata chiwerengero chenicheni. Zinthu zoyenda ndi buloko, monga simenti, dasiti wa kukwale ndi malipiro a anyamata olipidwa pa buloko, zimakwera kapena kutsika. Lendi ya malo ndi malipiro a mlonda sizisuntha, kaya mwaumba buloko limodzi kaya 10,000. Imeneyi ndiyo bajeti yotsata ntchito.

Lero bwalo lija akuyendetsa mwana wa amalume, msuweni wanga, ndipo pali makina amagetsi m'malo mwa chikombole cha manja. Ine ndimamuonerabe mabuku. Seputembala wa 2024 unali mwezi woipa: chilala chinali chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima nthawi yaitali kuposa imene ankayaka. Bajeti inali mabuloko 10,000, matumba 400 pa K150, kutanthauza K60,000. Anaumba 7,000 okha, simenti inapita matumba 310 pa K160, yonse K49,600.

Msuweni wanga anandiimbira akusangalala. "Achimwene, pa simenti pokha tapulumutsa K10,400." Ndinaona kuti ndi cholakwa chomwe chija cha 1996, kungoti chatembenuka. Mabuloko 7,000 amafuna matumba 280, ndipo pa K150 ndi K42,000. Sanapulumutse, anapitirira ndi K7,600. Bajeti yokhazikika imanamizira munthu ntchito ikachuluka, ndipo imabisa kutaya ntchito ikachepa.

Koma K7,600 imeneyi si ya munthu mmodzi, ndipo apa ndi pamene ambiri amathamangira kuloza chala. Timaigawa pawiri. Mtengo unakwera ndi K10 pa thumba, ndipo pa matumba 310 ndi K3,100. Matumba 30 oonjezera pa mtengo wa bajeti wa K150 ndi K4,500. Chifukwa chowerengera matumbawo pa mtengo wa bajeti n'chakuti kukwera kwa mtengo kusalowe m'gawo la kapitawo, amene sagula simenti.

K3,100 ija ndinaiika pa dzina la msuweni wanga, chifukwa wogula ndi iye. Ngakhale apo ndinafunsa kaye. Mtengo ukakwera ku fakitale, ku Chilanga kapena kwina, palibe chimene mwini kabwalo ka m'komboni angachite. Koma ngati kapitawo wanena mochedwa kuti simenti yatha, mpaka mwagula matumba khumi pa hadiweya yapafupi pa mtengo wokwera m'malo moitanitsa lole yonse, gawo limenelo lili ndi mwini wake. Mwezi umenewo zinali za msika basi.

Matumba 30 ndiwo anatitengera tsiku lonse. Tinakhala pa mabuloko osweka ndi kapitawo wa tsopano, kope lake lili pamwendo. Matumba 12 anatayika chifukwa magetsi ankazima matope ali kale mu mikisa, ndipo simenti yothira madzi siidikira munthu. Amenewo ndinawalemba kuti osalamulirika kwa iye. Mwini bwalo ndiye angasankhe kugula jenereta kapena ayi. Matumba 18 otsalawo anapita m'mabuloko 450 amene anasweka powanyamula chifukwa sanathiriridwe. Buloko limafuna madzi masiku asanu ndi awiri kuti likhwime, makamaka m'dzuwa la Seputembala. Kapitawo anati pampu ya chitsime imayendera magetsi omwewo, ndipo ankanena zoona. Koma pabwalo pali migolo isanu ndi umodzi, magetsi ankabwera usiku, ndipo mlonda akanatha kuidzaza atauzidwa. Kapitawo mwini anavomera. Choncho pa K7,600 yonse, imene inali m'manja mwake inali K2,700.

Taonani kuti kuzima kwa magetsi komweko kunabala zotayika ziwiri, china cholamulirika, china ayi. Nambala payokha sinena zimenezi. Imangokuuza pamene ufunse, ndipo funso lake ndi lakuti: ndani akanatha kuchita mosiyana mwezi umenewu, ndi zinthu zimene anali nazo? Mabuloko 3,000 amene sanaumbidwe sindinawaike pa kapitawo ayi, ngakhale ndiwo anadya phindu lalikulu, pakuti lendi ya K8,000 inagawidwa pa mabuloko ochepa.

Chimene ndimachiopa kwambiri ndi kusiyana kooneka kwabwino. Kapitawo akadziwa kuti akuweruzidwa ndi matumba okha, amayamba kutulutsa mabuloko 35 pa thumba. Lipoti limakongola, bwana amamuyamika, koma buloko ukalikanda ndi msomali limayoyoka, ngodya zake zimanyenyeka m'manja. Mabuloko otere akamangira nyumba ku Kanyama, kumene madzi amaima m'nyumba dzinja lililonse, khoma limayamba kudyeka kunsi. N'chifukwa chake simenti ikatsika kwambiri kuposa bajeti yotsata ntchito ndimapita pabwalo kukagwetsa buloko pansi ndisanalembe mawu oyamika. Matumba asanu a akapitawo a ku Petauke anali ochepa pa 260, ndipo mabuloko awo ndi amene anamangira mpanda wa bwalolo, umene ulipobe.

Lipoti la lero lili ndi mizere isanu: bajeti yoyamba, bajeti yotsata ntchito, zenizeni, kusiyana, ndi dzina la woyenera kufotokoza. Mu Okutobala wa 2024 migolo inkadzazidwa usiku uliwonse, ndipo mabuloko osweka anali 90.