Vakabu inali lamulo?

Ndili mwana ku Mzimba boma, amama ankatenga tomato ndi mpiru kukagulitsa kumsika. Katundu ankamanga usiku, koma sankanyamuka mpaka kunja kuyere. Ndikafunsa, yankho linali limodzi: “Ukufuna andigwire vakabu?” Mayi amene sanabepo ngakhale singano ankaopa msewu wa kwawo komwe.

Nditakula ndinadziwa kuti mantha awo anali ndi nambala: gawo 184(1)(c) la buku la malamulo a milandu, lomwe anatisiyira atsamunda. Linkalola kumanga munthu wopezeka pamsewu pa nthawi yoti wina angaganize kuti ali ndi cholinga choipa. Osati wapalamula ayi, kungokayikiridwa basi. Mu 2015 a Mayeso Gwanda, ogulitsa majumbo, anamangidwa mbandakucha akupita kumsika ku Limbe. Iwo sanangogonja, ndipo mu Januwale 2017 khoti lalikulu ku Blantyre linagamula kuti gawolo n’losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko.

Funso limene limandisowetsa tulo ndi ili: zaka zonse zija amama ankadikira dzuwa, vakabu inali lamulo kapena ayi?

Anthu ngati Augustine ndi Thomas Aquinas angati ayi. Kwa iwo pali chilungamo chachilengedwe chomwe chili pamwamba pa zolemba za anthu, ndipo cholembedwa chopondereza osalakwa ndi nkhanza yovala suti, chikumbumtima sichikakamizidwa kuchimvera. Koma H.L.A. Hart wa ku Oxford angati inde, linali lamulo. Linakhazikitsidwa mwa dongosolo ndipo makhoti ankaligwiritsa ntchito. Kukhalapo kwa lamulo ndi nkhani ina, ubwino wake ndi nkhani inanso. Nena poyera kuti ili ndi lamulo koma ndi loipa, kenako usankhe kulimvera kapena kulikana.

Kwa nthawi yaitali ndinali kumbali ya Hart, chifukwa zimenezi n’zomwe amama ankadziwa. Kuuza munthu amene wagona mchitokosi kuti chomwe chamugoneka mmenemo si lamulo, sikutsegula chitseko. Ndipo chimene chinagwetsa vakabu ndi cholembedwanso: gawo 5 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limati lamulo lililonse losemphana nawo lilibe mphamvu.

Koma taonani chomwe majaji anagwira: ulemu wa munthu, umene uli mu gawo 19. Ulemu umenewu sunabadwe mu 1994. Malamulo oyendetsera dziko a 1966, nthawi ya Kamuzu, analibe mutu wa ufulu wachibadwidwe, komabe anthu ankadziwa kuti kutsekera munthu popanda mlandu n’kulakwa. Anayamba ndi kudziwa, kulemba kunabwera pambuyo.

Ndiye ndimati vakabu inali lamulo ndithu, koma lamulo lomwe amama analibe nalo ngongole. Ankaliopa, sankalilemekeza.

Nditawafotokozera za chigamulo chija anangoseka. Mpaka lero amadikirabe kunja kuyere.