Mawu a gogo ndi mawu a wofotokoza

Pa 10 Malichi 1991 madzi, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ku Phalombe, ndipo anthu mazanamazana adafa. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi lero tidali tisadabadwe. Pofuna kukonza pologalamu ya mphindi 8 yoti ana asukulu azimvetsera, tidakacheza ndi gogo wina amene adapulumuka ngoziyo, ndipo tidajambula mawu awo kwa mphindi 50. Ntchito yeniyeni idayamba titabwerako: kusandutsa machezawo kukhala nkhani yoyenda bwino, koma gogoyo akhalebe mwini wake.

Choyamba tidalemba mawu onse monga momwe adatulukira, ngakhale pamene adabwereza kapena kukhala chete. M'mbali mwa pepala tinkalemba nthawi, monga 06:10 kapena 31:45, kuti chigawo chilichonse chipezeke msanga m'mawu ojambulidwa. Kenaka tidazunguliza ndi pensulo zigawo zimene zingamveke pazokha popanda funso lathu. Zidapezeka 11, ndipo tidasunga 6 zokwana mphindi 6. Wofotokoza adatsala ndi mphindi 2 zokha, ndipo n'zokwanira.

Munthu akamakumbukira zowawa satsata ndondomeko ya nthawi. Gogo adayambira pa maliro, nabwerera ku mvula imene idagwa masiku angapo, kenaka adalumphira ku namondwe wa Freddy wa mu 2023. Ife tidasanja zigawozo kuyambira pa mvula kukafika pa maliro. Kusanja kotere n'kololedwa, koma kuli ndi malire. Pa 31:45 adati, "Sitidalandire kanthu," ndipo ankanena za sabata yoyamba yokha. Mawuwa tikadawaika kumapeto, womvera akadaganiza kuti thandizo silidafike konse. Liwu lililonse likadakhala lawo, koma bodza likadakhala lathu. Choncho tisadasunthe chigawo, timawerenganso funso limene adali kuyankha.

Zigawo zikasanjidwa pamatsala mipata, ndipo m'mipatamo ndi momwe wofotokoza amalowa. Ntchito yake ndi kupereka zimene woyankhula sadanene chifukwa kwa iye n'zodziwikiratu: tsiku, malo, ndi amene akutchulidwa. Chigawo china chimayamba ndi mawu akuti, "Ndiye iwowo adabwera kuchokera kuboma." Mwana wa lero angaganize kuti akunena boma la Phalombe, pamene mu 1991 dera limeneli lidali pansi pa Mulanje, lidakhala boma palokha mu 1998. Patsogolo pa chigawocho tidalemba kuti: "Nthawi imeneyo Phalombe idali mbali ya boma la Mulanje. Patapita masiku, akuluakulu aboma adafika m'mudzimo." Ndi ziganizo ziwiri zokha, koma "iwowo" tsopano akudziwika.

Pali zinthu ziwiri zimene wofotokoza sayenera kuchita. Choyamba, asatsogoze zimene gogo ati anene. Akati, "Gogo adataya ana awiri," kenaka gogo n'kunena zomwezo, womvera amamva nkhaniyo kawiri ndipo kulemera kwake kumathera pakamwa pa mlendo. N'kokwanira kunena kuti, "Kutacha, adayamba kufunafuna ana awo," n'kuwasiya amalize okha. Chachiwiri, asawakonze. Gogo sadanenepo za kugumuka kwa nthaka. Iwo adati kudadutsa napolo. Wofotokoza akalowa pomwepo ndi mawu oti "koma zoona zake n'zakuti," wawasandutsa mwana wolakwa m'kalasi. Ife tidaika kufotokoza kwa mvula yochuluka imene idafewetsa dothi la m'phiri koyambirira kwa pologalamu, gogo asadayambe kuyankhula. Motero mwana amamva zonse ziwiri popanda wina kunyozeka.

Tingadziwe bwanji kuti zayenda? Timawerenga zigawo za gogo zokha, mawu a wofotokoza titawaphimba. Ngati mtima wa nkhani ukumvekabe, zili bwino. Kenaka timawerenga za wofotokoza zokha. Zikamveka ngati nkhani yathunthu, ndiye kuti walanda nkhani ya mwini ndipo tiyenera kudula. Timawerenganso mokweza wotchi ili m'manja, chifukwa mawu a Chichewa ndi aatali: mzere wooneka waufupi papepala umadya masekondi ambiri. Pamene mpweya wathera pakati pa chiganizo, chiganizocho chigawidwe pawiri. Ndipo pamene gogo adakhala chete kwa masekondi 7 atatchula mwana wawo wotsiriza, tidalemba kuti wofotokoza asalowe kufikira atapuma.

Gawo lotsiriza ndi kubwerera kwa mwini mawu, kukawawerengera zonse, zawo ndi zathu, ana asadamve. Iwo okha ndi amene angatiuze ngati dzina lina siliyenera kutchulidwa, kapena ngati mawu olumikiza awanenetsa zimene sadanene. Akakana chigawo, timachichotsa, ngakhale chikhale chokoma chotani.