Chilapalapa cha Agogo ndi Makutu a Pakhonde

Chinsinsi cha chilankhulo chimakhala ndi moyo waufupi, chifukwa makutu alibe chitseko. Kwathu kuno ku Chiuta tidaziona ndi Chilapalapa, chimene ena amati Fanakalo, chija adabwera nacho amuna opita ku Joni.

Kumigodi sichidali chobisika konse. Chidali cha ntchito, mawu ake ambiri ochokera ku Chizulu, kuti kapitawo ndi Mnyanja, Mlomwe kapena Mshangani amvane pansi pa nthaka. Chidasanduka chinsinsi chitafika kumudzi, kumene odziwa adali ochepa.

Agogo anga aamuna adadutsa malire wapansi nakalembetsa ku Wenela ku Blantyre, paja lero pali depoti ya mabasi yotchedwa dzina lomwelo. Atabwerako, iwo ndi anzawo awiri ankakhala pakhonde kumacheza m'Chinyanja. Koma nkhani ikafika pa ndalama, lilime linkatembenuka. Wina ankafunsa, "Ipi lo mali?" kutanthauza kuti ndalama zili kuti. Agogo aakazi akamayandikira ndi nsima, mumamva, "Thula, lo mfazi yena buya." Ndiko kuti, khala chete, mkazi akubwera.

Agogo aakazi sadapite ku Joni, koma adali ndi maso. Adaona kuti mawu oti "mfazi" amatuluka iwo akangotulukira, ndipo "mali" akamveka madzulo, m'mawa mwake mwamuna wawo amalawirira ku mowa. Chaka chisadathe adali atamasulira zonse, koma sadaulule. Tsiku lina ndalama zogulira ukonde zitatsala pang'ono kuthera ku kachasu, adaika mbale pansi nati, "Lo mali ndasunga ine." Pakhonde padati zii.

Umu ndi momwe mawu obisika amafalira. Amayamba ndi eni ake, kenaka womvetsera amawagwirizanitsa ndi zimene zikuchitika. Ana amawatola ngati nthabwala nkupita nawo kusukulu, ndipo msika umawaolotsa malire, kuchoka ku Nayuchi kufika ku Entre Lagos. Chizindikiro choti mawu afa ngati chinsinsi nchimodzi: amayi ako akayamba kuwatchula.

Mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi idagwa ku Francistown, ndipo Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu a Wenela m'Malawi. Olankhula Chilapalapa chenicheni akutha, koma mawu ake tidatsala nawo. Tikamati "madala" kwa bambo wachikulire, kapena "mfana" kwa mnzathu, tikulankhula za kumigodi osadziwa.

Lero anyamata a njinga zamoto ali ndi chawo, chosakaniza Chipwitikizi, Chingerezi ndi Chinyanja chopotoza. Ndikamadutsa amatsitsa mawu, kuganiza kuti sindikumva. Ndimangoyang'ana mawu amene akubwerezedwa ndi chimene chikutsatira. Mwezi uno ndagwira kale dzina limene amatchulira wokwera wosadziwa mtengo, ndipo ndiyembekeza tsiku loti andiuze mtengo wokwera kuti ndiwatchulire.