Lisiti ya ku Chipata sinawoloke nyanja

Laputopu imene ndinapita nayo ku India inagulidwa ndi ndalama za ng'ombe ya atate ndi matumba a nsawa a amayi. Ndikuyamba ndi zimenezi kuti mumvetse chifukwa chake nkhaniyi imandiwawabe. Kwathu ku Tamanda ng'ombe sigulitsidwa mwachisawawa. Kalata ya malo a sukulu itafika, atate anangoti, "Mwana asakachite manyazi pakati pa anzake," ndipo m'mawa mwake ng'ombe inatuluka m'khola.

Ndinalowa m'sitolo ina m'Chipata ndili ndi funso limodzi lokha, la pulagi. Ndinali nditamva kuti magetsi a kunja amawotcha zinthu za kuno. Wogulitsa anandionetsa makina aakulu, a sikirini ya mainchesi 15.6, onyezimira ngati atsopano. "Achimwene, iyi ndi yolimba, ndipo ili ndi waranti," anatero, nalemba pa lisiti kuti miyezi isanu ndi umodzi, nadinda. Sindinafunse kuti warantiyo ndi ya yani, kapena kuti ikagwira ntchito kuti. Kulakwa kwanga kunali pomwepo, ndipo sindikankhira munthu wina.

Kulemera ndinakumva msanga. Laputopu yokhayo inali yopitirira makilogalamu awiri, chaja yake pafupifupi theka la kilogalamu. Pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ku Lusaka chikwama cham'manja chinkaloledwa makilogalamu 7, ndipo laputopu suiponya m'sutukesi yopita pansi, chifukwa ndi bwino kuti batire yake ikhale nawe m'ndege, komanso katundu wapansi amaponyedwa. Ndinatulutsa mabuku ndi nsawa zokazinga zomwe amayi anandimangira, n'kuwapatsa amalume abwerere nazo. Zimenezo n'zochepa. Chovuta chinali kuisenza tsiku ndi tsiku m'kutentha kwa ku India, kuchoka kogona kupita m'kalasi, pomwe anzanga ankanyamula za mainchesi 13 kapena 14, zosafika kilogalamu ndi theka. Ndinayamba kuisiya m'chipinda, chinthu chomwe chinagulidwa kuti ndizilembera m'kalasi.

Pulagi imene ndinkaiopa ija inapezeka nkhani yaing'ono. Pa chaja iliyonse pali tizilembo ting'onoting'ono, ndipo pa yanga panalembedwa INPUT 100-240V 50-60Hz. Ndiye kuti imalandira magetsi a kuno a 230V, a ku India omwe ndi ofanana ndi athu, ngakhalenso a ku America a 120V. Chosiyana ndi mano okha. Kuno tinazolowera pulagi ya mano atatu aphwatalala, pomwe ku India mabowo a soketi ndi ozungulira. Ndinagula kaadaputa kotchipa kamene kankagwedera m'khoma, kumathetheka moto ndikakakhudza. Mnzanga wa ku Kenya ndiye anandionetsa kuti chingwe chochoka kukhoma kufika pa chaja chimazuka. Ndinapita nacho ku sitolo ya zamagetsi, n'kugula china cha mutu womwewo koma cha pulagi ya kumeneko, ndipo vutolo linathera pomwepo.

Mwezi wachinayi laputopu inakana kuyaka. Ndinali ndisanaope kwenikweni, poti lisiti inali m'chikwama, yopindidwa bwino pamodzi ndi pasipoti. Ku ofesi yokonza makina a kampani yopanga laputopuyo, mayi wa pa kauntala sanaiyang'ane n'komwe lisitiyo. Anatembenuza laputopu, nawerenga nambala ya pansi pake, naitaipa pa kompyuta yake, kenaka ananditembenuzira sikirini kuti ndidzionere ndekha. Makinawo anagulitsidwa koyamba kudziko lina zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo waranti yake inali itatha kale ndisanawaone n'komwe. Ndinaima pamenepo thukuta lili kamukamu, m'maso mwanga muli khola la atate.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambirife timasokoneza zinthu ziwiri. Pali lonjezo la wogulitsa, ndiponso pali waranti ya kampani yopanga. Lonjezo la wogulitsa limatanthauza kuti ukabwera nayo pa kauntala yake adzakuthandiza. Mwina munthu uja sananame. Ndikanakhala kuno akanandisinthira. Koma ine ndinali kutsidya kwa nyanja, ndipo kuitumiza kukanadya ndalama ndi miyezi yomwe ndinalibe. Waranti ya kampani imatsata nambala ya makina. Kawirikawiri imakhala ya chaka chimodzi, ndipo imawerengedwa kuchokera pomwe makinawo anagulitsidwa koyamba. Ngakhale ikhale yamoyo, siyenda yokha kulikonse. Makampani ena amalemekeza waranti kunja pa mitundu ina yokha ya makina awo, ena amafuna uyambe wasamutsa kalembera wa makinawo kupita kudziko lomwe uli, ndipo ngati mtundu umenewo sugulitsidwa kumeneko, zipangizo zake zimasowa.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zonsezi zimaoneka ndi foni, utaima m'sitolo momwemo. Pansi pa laputopu pali nambala yolembedwa kuti S/N kapena Serial, ndipo pa makina a Dell amaitcha Service Tag. Makampani monga HP, Dell ndi Lenovo ali ndi malo pa intaneti pomwe umalowetsa nambalayo n'kuona tsiku limene waranti inayamba ndi limene ikutha. Ukaona kuti inayamba zaka zapitazo, dziwa kuti wagwira yogwiritsidwa kale ntchito, ngakhale inyezimire bwanji.

Batire nayo imaulula msinkhu, monga mano a ng'ombe pa msika. Pa Windows umatsegula Command Prompt n'kulemba:

```
powercfg /batteryreport
```

Imakuuza pomwe yasunga lipoti. Mmenemo yang'ana mizere iwiri: DESIGN CAPACITY, mphamvu imene batire inabadwa nayo, ndi FULL CHARGE CAPACITY, imene yatsala. Yanga itakonzedwa ndinayesa, ndipo inali itatsala yosakwana theka. N'chifukwa chake kuyambira tsiku loyamba inkazima ola lisanathe, ine n'kumati ndi mmene malaputopu amakhalira.

Kukonza kunadya ndalama ya chakudya ya miyezi iwiri. Ntchito za m'kalasi ndinkalembera pa makompyuta a mulaibulale mpaka kutseka. Kunyumba sindinanene. Amayi akaimba foni n'kufunsa kuti, "Makina aja akugwira bwino, mwanangu?" ndinkayankha kuti inde. Bodza limenelo linandilemera kuposa laputopuyo, ndipo ndinawaululira nditabwerera, titakhala pakhonde. Atate anakhala chete kanthawi, kenaka anati ndiwauze ena asanagule.

Sindikunena kuti laputopu yakale ndi yoipa. Ambirife ndi yomwe tingakwanitse, ndipo ilipo yolimba ndithu. Koma igulidwe pa mtengo wa yakale, ndalama ina n'kutsala yokonzera. Ndikanadziwa, ndikanabwereka makina kwa milungu yoyamba n'kukagula komweko, kwa wogulitsa wovomerezeka ndi kampani, kumene pulagi ndi waranti zonse ndi za dziko lomwe ndikakhalemo zaka zinayi.

Inu makolo a ku Tamanda, Mgubudu ndi kwina konse amene mwana wanu walandira kalata, musapereke ndalama pa kauntala mwanayo asanatembenuze makinawo n'kuona nambala yake pa foni. Wogulitsa akakana kuti muione, tulukani ndi ndalama yanu.