Phazi liwerenge, khutu lipeze kiyi

Ise amene timanyamula masipika kuchoka ku Lusaka kukaliza nyimbo pa maukwati a ku Shikabeta, m'boma la Rufunsa, sitidalira netiweki kuti itiuze liwiro la nyimbo kapena kiyi yake. Tikasiya Great East Road, timatsala ndi laputopu, fulashi, mahedifoni ndi makutu athu. Futi nyimbo zambiri zimene achibale a mkwati amabwera nazo zinadutsa m'mafoni ambirimbiri, ndipo zina zilibe ngakhale dzina. Koma anthu ali m'bwalo safuna kuti fumbi likhale pansi. Nyimbo ikamatha, inzake iyenera kulowa mwendo usanaime.

Choyamba timafuna liwiro. Pa sikirini limalembedwa BPM, kutanthauza kugunda kungati pa mineti imodzi. Timaponda phazi pamene wovina angaponde, n'kuwerenga kwa masekondi 30, kenaka kuchulukitsa kawiri. Tikawerenga 56, nyimboyo ili pa 112, liwiro limene amapiano ambiri amayendapo. Ena amawerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi, koma pamenepo ukaphonya kugunda kumodzi chabe, yankho lasokonekera ndi 4.

Mwina mufunsa kuti tivutikiranji pamene VirtualDJ imalemba yokha nambala. Imalemba, inde, koma siivina. Nthawi zina imatenga theka, nyimbo ya 140 n'kuilemba 70. Vuto lalikulu lili pa nyimbo za kwathu zimene ng'oma zake zimayenda zitatu-zitatu mkati mwa kugunda kumodzi, monga timamvera mu kalindula wambiri. Phazi likuponda 120, koma makina akhoza kugawa ng'omazo ziwiri-ziwiri n'kulemba 180, kapena 90. Ukakhulupirira nambala imeneyo n'kudina SYNC, nyimbo ziwirizo zimapondana ngati ng'ombe zosazolowera joko. Mankhwala ake ndi batani la TAP: timalidina motsatira phazi mpaka nambala itakhazikika. Nyimbo zakale za mabandi, za nthawi ya PK Chishala, zili ndi khalidwe linanso. Woimba ng'oma anali munthu, choncho liwiro limakwera ndi kutsika pang'ono, ndipo dzanja siliyenera kuchoka pa mbale.

Kusiyana kwa 1 BPM kumaoneka kochepa, koma taganizani. Nyimbo ya 112 ndi ya 113 zikayambira pamodzi, pakatha mineti imodzi ina yatsogola ndi kugunda kwathunthu. Pakatha masekondi 15 chabe, khutu layamba kale kumva ng'oma ikugunda kawiri, gudu-gudu, m'malo mwa kamodzi.

Liwiro likapezeka, timafuna kiyi. Kiyi ndi mawu amene nyimbo imabwererako kukapuma, kwawo kwa nyimboyo. Timamvetsera besi, n'kung'ung'udza mawu amodzi amene akukhala bwino pansi pa kolasi yonse. Kenaka timawasaka pa kiyibodi ya mu foni. Tinene kuti tawapeza pa A. Manje timakwera mabatani atatu, kuwerenga oyera ndi akuda omwe, tifika pa C. Ngati C ikugwirizana ndi nyimbo, kiyi ndi maina, ija imamveka ngati ya chisoni pang'ono, ndipo imalembedwa Am. Ngati batani lachinayi, C#, ndilo likugwirizana, kiyi ndi meja, yowala ija.

Kuti tisaloweze makiyi onse 24, timagwiritsa ntchito gudumu la Camelot, limene linatchuka ndi pulogalamu ya Mixed In Key. Lili ngati wotchi, manambala 1 mpaka 12, ndipo A ndi maina, B ndi meja. Am ndi 8A. Anansi ake ndi 7A, 9A ndi 8B. Lamulo ndi lomwelo paliponse: khala pa nambala yako, kapena sendera kumodzi kutsogolo kapena kumbuyo, kapena sintha chilembo chokha.

Apa ndiye pali msampha umene tikufuna muuone bwino. Liwiro ndi kiyi n'zomangirirana. Ukathamangitsa nyimbo, mawu ake amakwera, ndipo kuwonjeza pafupifupi 6% kumakweza nyimbo yonse ndi batani limodzi la pa kiyibodi.

Titenge chitsanzo. M'bwalo mukulira amapiano a 112, kiyi 8A. M'mahedifoni takonza nyimbo ya Zedi imene tawerenga 53 pa masekondi 30, ndiye kuti 106, ndipo kiyi yake ndi Em, imene ndi 9A. Pa sikirini ndi anansi, zonse zili bwino. Koma kuti 106 ifike pa 112 tiyenera kuikweza ndi 5.7%. Pamenepo Em yatsala pang'ono kukhala Fm. Batani limodzi pa kiyibodi ndi masitepe 7 pa gudumu, choncho 9A yathu yalumphira ku 4A, kutali ndi 8A. Ng'oma zigwirizana bwinobwino, koma oimba awiriwo amveka ngati makwaya awiri amene ayambitsa nyimbo zosiyana pa maliro amodzi. Besi nayo imayamba kunjenjemera m'sipika, wuu-wuu-wuu, chifukwa mawu awiri oyandikana kwambiri akulimbana.

Njira yoyamba ndi kuyatsa Key Lock, imene pa makina a Pioneer imalembedwa Master Tempo. Imasintha liwiro n'kusiya kiyi pamalo pake. Koma ili ndi malire: ukakoka kwambiri, mawu a woimba amamveka ngati akuchokera m'chitini. N'chifukwa chake timakonda kukumanitsa nyimbozo pakati. Timatsitsa yoyamba pang'onopang'ono kufika pa 109, yachiwiri n'kuikweza kufika pa 109 pomwepo, iliyonse yasuntha ndi 3% osakwana. Dziwani kuti kukumana pakati kumathandiza kokha ngati Key Lock yayaka. Ikakhala yozima, ina yatsika, ina yakwera, ndipo kusemphana kwa makiyi kuli chimodzimodzi.

Njira yachiwiri ndi kuugwiritsa ntchito msamphawo. Timazima Key Lock n'kusankha nyimbo ya 106 imene ili pa 1A, G#m. Pa sikirini ioneka mlendo, koma ikakwera kufika pa 112 imatera pafupi kwambiri ndi 8A, chifukwa 1 kuwonjeza 7 ndi 8.

Njira yachitatu ndi imene imatipulumutsa kawirikawiri ku Shikabeta, kumene mayi wa mkwatibwi akapempha nyimbo yake sungamuyankhe kuti, "Amayi, kiyi yakana." Ng'oma zokha sizikangana ndi kiyi iliyonse. Timadikira pamene nyimbo yoyamba yatsala ndi ng'oma zokha, n'kulowetsa yachiwiri pa kugunda koyamba kwa chigawo, popeza nyimbo zambiri zovina zimasintha pakatha kugunda 16 kapena 32. Besi ya yatsopano timaitseka ndi kabatani ka LOW, ndipo timaitsegula nthawi yomweyo imene tikutseka besi ya yakale. Mabesi awiri sakhala m'nyumba imodzi. Ngati nyimboyo ndi ya zitatu-zitatu pamene inzake ndi ya zinayi-zinayi, sitizigoneka pamodzi n'komwe. Timadula yakale pa mapeto a chigawo, yatsopano n'kugwa pomwepo.

Zonsezi sitizichitira m'bwalo. Timazichita masana, jenereta isanalire, n'kulemba liwiro ndi kiyi kutsogolo kwa dzina la nyimbo iliyonse, monga `112 8A`. Usiku timangoyang'ana manambala awiriwo n'kudzifunsa funso limodzi: ikafika pa liwiro la inzake, nyimbo iyi ikhala ili pa kiyi iti?