Soda wa Kobiri

Muyeso ndi pangano la pakati pa wolemba ndi wophika. Munthu akalemba kuti "mbale ziwiri", amakhulupirira kuti wowerenga aidziwa mbaleyo. Panganoli limayenda bwino pamene awiriwo akuphikira pa mafuwa amodzi, koma wina akasamukira m'tauni, mbale n'kusweka, ndalama n'kusintha, mau aja amatsala okha ngati gaga.

Kope la agogo anga akuchikazi lili ndi mapangano otere okhaokha. Anayamba kulembamo ali mtsikana, pa maphunziro a amayi a zapakhomo, ndipo zilembo zawo n'za Chinyanja chakale chija cholemba "cimanga" ndi "cigumu". Tsopano maso awo achita nkhungu, mapepala nawo afiira ndi utsi. Pa tchuthi chapitachi azakhali anga adandipatsa ntchito yokopera zonse m'buku laudongo, loti likhale mphatso ya mwana wawo amene akulowa m'banja. Lamulo lawo lidali limodzi: "Ulembe za makapu ndi masipuni, mwanawe. Mnzakoyu zipandezi sazidziwa."

Tsamba la chigumu ndilo lidandidyera masiku ambiri. Agogo adalemba motere: mgaiwa mbale ziwiri, nthochi phava limodzi, mchere wotsina kawiri, soda wa kobiri, madzi mpaka ugwe wokha. Mizere isanu basi, koma uliwonse uli ndi vuto lakelake.

Mbale idali yapafupi chifukwa ikadalipo, kambale kachitsulo ka ndiwo kothothoka utoto m'mphepete. Nditathiramo madzi n'kukhuthulira m'jagi yoyezera, idakwana theka la lita, ndiye kuti makapu awiri a mamililita 250. Koma madzi amagona chosalala pamene ufa umaunjikika. Agogo atamva ndikusalaza ufa ndi mpeni adaseka. "Mbale ya ufa imakhala ndi phiri, mdzukulu wanga. Wosalaza ndi wogulitsa." Choncho ndidawapempha kuti atape okha katatu, ine n'kumaika pa sikelo ya m'khitchini. Idawerenga magalamu 380, kenaka 410, kenaka 400. Ndidalemba 400 pa mbale imodzi, 800 pa ziwiri. Ndidaonjezanso mau oti ukhale mgaiwa ndithu, pakuti ufa woyera, umene udakonoledwa ndi kuviikidwa, sumwa madzi mofanana ndi mgaiwa ndipo kukoma kwake n'kwina.

Phava la nthochi si muyeso ayi, ndi mphatso ya mtengo. Lina limakhala ndi nthochi khumi, lina zoposa apo, ndipo timbewu ta sukari ta kuseri kwa nyumba ya agogo sitingafanane ndi zikuluzikulu za pa msika. Apa njira idali yosenda ndi kukanya phava limene iwo adalivomereza atalinyamula m'manja, kenaka kuyeza phalalo. Lidadzaza makapu atatu. M'buku latsopano ndidalemba makapuwo, osati chiwerengero cha nthochi, n'kuonjeza kuti zikhale zakupsa kwambiri, za mawanga akuda, chifukwa ndizo zimatsekemeretsa chigumu chopanda shuga.

Mutu udaima pa soda wa kobiri. Kobiri lidachoka m'manja mwa anthu dziko lino litasiya mapaundi, masheleni ndi makobiri n'kuyamba kwacha ndi tambala m'chaka cha 1971. Mzerewu udandiuza kuti tsambali n'lakale ndithu, koma sudandiuze kuchuluka kwa soda. Kusandutsa kobiri kukhala tambala sikungathandize, pakuti chimene agogo ankayeza si ndalama, koma kapepala kopiringiza kamene wogulitsa ankatapiramo. Mutu wawo udaiwala kukula kwake, koma dzanja silidaiwale. Adatambasula chikhatho, nati, "Thira, ndikuuza." Ndidathira pang'onopang'ono mpaka adati basi. Zidakwana pafupifupi timasipuni ta tiyi tiwiri tosalaza.

Kukumbukira kwa zaka zoposa 50 kumafuna mboni, ndipo mboni yake ndi poto. Tidaphika katatu pa masiku atatu, zonse zofanana kupatula soda. Cha kasipuni kamodzi chidatuluka cholemera, chogwirana m'kati ngati mkute. Cha timasipuni titatu chidafufuma bwino, koma chidaderako mtundu ndipo chinkasiya kakuwawa konga sopo ku lilime. Chifukwa chake n'chodziwika: soda amatulutsa mpweya wofufumitsa akakumana ndi chowawasa ndi kutentha, ndipo nthochi zili ndi chowawasa chochepa, kotero soda wotsala amangokhalamo n'kuononga kukoma. Cha timasipuni tiwiri agogo adanyema, kununkhiza, n'kupempha tiyi. Nambala idalowa m'buku tsiku lomwelo.

Mzere wa madzi udandiphunzitsa pamene nambala imathera. "Mpaka ugwe wokha" ndiye kuti ukatukula mthiko, phala la ufalo litsike lokha mwaulesi, osayenderera ngati phala la mwana, osakakamiranso mpaka kulikutumula. Tsiku loyamba padalowa makapu awiri, tsiku lachitatu, nthochi zitafeweratu, padalowa ocheperapo. Ndikadalemba nambala imodzi ndikadanamiza msuweni wanga tsiku lina lililonse. Ndidalemba kuti ayambe ndi kapu imodzi ndi theka, aziwonjeza pang'onopang'ono, ndipo mau a agogo ndiwo akhale woweruza.

Moto nawo chimodzimodzi. Kope likuti makala a pa chivundikiro achuluke kuposa a pansi, chifukwa pansi pa poto pamapserera msanga m'kati musanapse. Ndidasunga mauwo, pamodzi ndi kayesedwe kake: kubaya pakati ndi mpeni, ukatuluka wouma ndiye kuti chapsa.

Tsono panabuka mkangano. Azakhali ataona kuti tsamba lililonse ndaligawa pawiri, kumanzere mau a agogo monga adawalembera, kumanja magalamu ndi makapu, adati ndadetsa buku. "Kobiri akaligula kuti mwanayu? Fufuta zimenezo." Ndidawayankha mwaulemu kuti, "Azakhali, za kumanjazi ndi zanga, ndaziyeza masiku atatu okha. Za kumanzerezi zaphikidwa moyo wonse. Wina akadzapeza kuti sikelo yathu inkanama, adzabwerera kuti ngati tafufuta?" Wokopera aliyense amasintha kanthu, ndipo chilungamo chake n'kusiya poonekera pamene wasinthapo. Sadavomere ndi pakamwa, koma sadang'ambenso tsamba.

Pali tsamba limodzi limene mbali ya kumanja ilibe nambala, la thelere. Agogo adalemba "chidulo chikho chimodzi, ngati n'chaukali theka". Chidulo ndi madzi odontha kudzera m'phulusa, ndipo ukali wake umadalira chimene watentha, kaya zitsononkho kaya makoko a nyemba, ndiponso ngati ndi madzi oyamba kudontha kapena otsiriza. Palibe sikelo ya m'khitchini imene ingayeze zimenezo. Amayeza ndi lilime, ndi kuterera kwake pakati pa zala. Mayi wa m'tauni angathire kasoda m'malo mwake, thelere n'kufewa ndithu, koma fungo la phulusa lija sangalipeze.

Pamalo opanda nambalawo ndidalemba kuti wofuna kudziwa apite akaphike limodzi ndi eni ake. Ukwati uli mu Okutobala, ndipo msuweni wanga walonjeza kukagona kumudzi sabata imodzi tsikulo lisanafike. Agogo ayamba kale kusunga zitsononkho m'dengu.