Cizungu cobvala suti ya eni

Pali mau ena m'Cizungu amene munthu ukawaona pa pepala lilime limayamba lazizira. Tengani faux pas. Zilembo zisanu ndi ziwiri, koma pokamba mungoti "fo pa", kwatha. Zilembo za kumapeto zija ni zokongoletsa cabe, monga mabatani a pa mkono wa jekete. Ine kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu a m'maofesi muno mu Lusaka akuwaponya mau awa pa miting'i, ndipo cimene cimandisekesa n'cakuti si Cizungu n'komwe. Ni Cifalansa, ndipo Azungu eni ake anacita kubwereka.

Fo pa tanthauzo lake lenileni ni kuponda molakwika, phazi kutera pamene silinafunike. Si mlandu wa kupolisi ai. Ni kuja kofunsa mai wonenepa kuti "mwana abadwa liti?" pamene alibe pakati, kapena mkamwini kuitana apongozi kuti "iwe" pa cilanga mulilo. Palibe wafa, koma nyumba yonse yangoti zii.

Carte blanche, imene ikambidwa ngati "kati blanshi", ni pepala loyera, losalembedwa kanthu. Ganizani munthu wasaina pansi pa pepala lopanda mau, n'kukupatsani kuti pamwambapo mulembe zimene mufuna. Ndiye abwana akati akupatsani kati blanshi pa phwando la kumapeto kwa caka, akuti citani mmene muonera, osabwera kudzafunsa. Amene muli na dishi panyumba mudziwa pulogilamu ya ku Joni ya dzina lomweli, ya atolankhani ofufuza nkhani, imene inayamba mu 1988.

Manje funso ni ili: Cizungu cili na mau maningi, nanga awa cinawasiyiranji m'zobvala za eni? Yankho n'lakuti Cifalansa cinalowa m'Cizungu kawiri, ndipo maulendo awiriwo sanafanane.

Ulendo woyamba unabwera na nkhondo. Mu 1066 Wiliyamu wa ku Nomande, kumpoto kwa Falansa, anagonjetsa Mangalande n'kukhala mfumu. Kwa zaka pafupifupi 300 akuluakulu a dziko ndi makhoti anali kukamba Cifalansa, pamene wamba anali kulima na Cingelezi cao. Mpaka mu 1362 m'pamene lamulo linati milandu izikambidwa m'Cingelezi. Mau a nthawi imeneyo analowa kudzera m'khutu: wanchito wamva bwana, wabwereza mmene lilime lake lakwanitsira. Anatafunidwa mpaka kusanduka a panyumba. Khoti, jaji, ngakhale bifu ya pa mbale, zonse zinacokera kumeneko, koma palibe Mzungu amene amaziona ngati zacilendo. N'cimodzimodzi ife na nsapato. Ndani amakumbuka kuti liu limeneli linabwera na Apwitikizi?

Ulendo waciwiri unalibe mfuti, unali wa fashoni. M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 Falansa ndiye anali kutsogola pa zobvala, zakudya na ulemu wa kunyumba za mafumu. Mfumu Chalesi Waciwiri anakhalako ku Falansa atathawa kwao, ndipo atabwerera pampando mu 1660 za Cifalansa zinakwera mtengo ku Landani. Fo pa inayamba kuoneka m'mabuku a Cingelezi m'zaka zotsatira, kati blanshi kuciyambi kwa m'ma 1700. Amene anabweretsa mau awa anali anthu ophunzira, odziwa kuwerenga Cifalansa, ndipo sanafune kuti atafunidwe. Phindu lake linali pomwepo, kuti womva adziwe kuti uyu anapita kusukulu yodula. Ukacotsa lebulo pa suti, adziwa bwanji kuti si ya salaula?

Cimene cimandikoma maningi n'cakuti mau omwewa analowa kale pa ulendo woyamba uja. Pas ndiye pace wa m'Cizungu, faux ni m'bale wa false, ndipo blanche ni mlongo wake wa blank. Kunena kwina, Mzungu anali nazo kale zida zonse zomangira mauwa m'cinenero cake. Anasankha dala kubwerekanso.

Koma tisawanamizire kuti ni matama okha. Liu lacilendo limafewetsa nkhani. Mukauza munthu kuti "mwalakwa", nkhope imagwa. Mukati inali ka fo pa cabe, aseka, nkhani yapita. Ife timacitanso zomwezi tikathawira ku Cizungu pokamba za matenda kapena za m'cipinda pamaso pa akulu.

Ndipo cikalata ca ukwati cikabwera mwezi uno, yang'anani pansi pamene alemba RSVP na nambala ya foni. Naconso ni Cifalansa, répondez s'il vous plaît, kutanthauza kuti yankhani, ngati cikukondweretsani. Eni ukwati afuna kudziwa nkhuku zingati zigulidwe. Ife timangofika, na ana atatu na mlamu.